Ma GRP 120 si anthu 120 pa 100 aliwonse

"Moni achimwene. Ndikuphunzira za kakonzedwe ka mauthenga osatsa malonda ndipo funso lina landimanga. Akuti anthu amene tikufuna kuwafikira alipo 200,000. Uthenga uwulutsidwa katatu mu pulogalamu ya retingi 20, komanso kanayi mu pulogalamu ya retingi 15. Ndawonkhetsa ndapeza 120. Kodi ndiye kuti ndafikira 120 peresenti ya anthu? Pansi pake akutinso richi ndi 48, tipeze firikwensi. Nanga 48 ameneyu wachokera kuti? Chonde ndithandizeni, mayeso ayandikira."

Achemwali, 120 wanuyo ngolondola, musamufufute. Mwangomupatsa dzina lolakwika. Amenewo ndi ma GRP, chidule cha Gross Rating Points, ndipo GRP imawerenga maulendo amene uthenga wafika pamaso pa munthu, pomwe richi imawerenga anthu enieniwo, aliyense kamodzi kokha. Zili ngati buku limene alendo amasaina pakhomo la ofesi: mlendo wobwera katatu amadzaza mizere itatu, koma dzina lake ndi limodzi. Mizere ikhoza kuchuluka kuposa anthu onse a m'deralo, maina ayi.

Tiyambe taika pambali 200,000 uja, chifukwa nambala zazikulu zimabisa zimene zikuchitika. Tengani pepala, lembani manambala 1 mpaka 10 kutsika m'munsi. Amenewa ndi anthu khumi, ndipo ndiwo gulu lonse limene tikufuna. Jambulani mizere itatu yotsika, umodzi wa tsiku lililonse limene uthenga wauluka. Tsiku loyamba anaonera ndi 1, 2, 3 ndi 4, ndiye chongani anayiwo. Anthu anayi pa khumi ndi 40 peresenti, ndipo imeneyo ndiyo retingi ya tsikulo, 40. Tsiku lachiwiri anaonera ndi 1, 2, 3 ndi 5, retingi 40 kachiwiri. Tsiku lachitatu anaonera ndi 1, 2 ndi 6, retingi 30.

Tsopano werengani machongo onse papepalapo. Alipo 11. Pa gulu la anthu khumi, machongo 11 akufanana ndi ma GRP 110, ndipo mupezanso yankho lomweli mukawonkhetsa 40, 40 ndi 30. Kenako werengani anthu amene ali ndi chongo ngakhale chimodzi. Alipo asanu ndi mmodzi, 1 mpaka 6, ndiye richi ndi 60. Anthu 7, 8, 9 ndi 10 mizere yawo ili mbee, sanaone kalikonse, ngakhale GRP yadutsa 100. Firikwensi, imene ndi avereji ya maulendo amene munthu wofikiridwa waona uthenga, nayo ikuonekera pomwepo: machongo 11 kugawira anthu asanu ndi mmodzi amene anafikiridwa, zikutipatsa 1.83. Onetsetsani kuti tagawira okhawo amene anaona, osati khumi onse. Ophunzira ambiri amagwera pamenepa, amagawa ndi gulu lonse n'kupeza 1.1.

Lamulo lake m'mabuku ndi pa makompyuta mudzalipeza chonchi:

```
GRP = Reach (%) x Frequency
Frequency = GRP / Reach (%)
```

Tibwerere ku funso lanu. Katatu pa retingi 20 ndi 60, kanayi pa retingi 15 ndi 60, pamodzi 120. Firikwensi ndi 120 kugawa ndi 48, yankho 2.5. Ine ndimakonda kuti wophunzira atsimikize yankho lakelo pogwiritsa ntchito anthu m'malo mwa maperesenti. GRP imodzi ikuimira 1 peresenti ya gulu, ndipo 1 peresenti ya 200,000 ndi 2,000. Choncho ma GRP 120 ndi maulendo 240,000 amene uthenga waonedwa. Richi ya 48 peresenti ndi anthu 96,000. Gawani 240,000 ndi 96,000, mupeza 2.5 yemwe uja. Njira ziwirizi zikasiyana, dziwani kuti penapake mwasakaniza peresenti ndi chiwerengero cha anthu.

Za komwe 48 wachokera, wakupatsani ndi wolemba funso chifukwa inu simukanatha kumupeza. Maretingi amangonena kuchuluka kwa oonera tsiku lililonse. Sanena ngati oonera a lero ndi omwe aja a dzulo. Pa pepala lathu la anthu khumi tinatha kuwerenga richi chifukwa tinkadziwa amene waonera ndi amene sanaonere. Pa ntchito yeniyeni, zimenezi zimachokera ku kafukufuku wotsatira anthu amodzimodzi kwa masiku angapo, kaya kudzera m'timakina tolumikizidwa ku wailesi ya kanema m'makomo osankhidwa, kaya m'timabuku timene omvera amalembamo zimene amvera. Popanda kafukufuku wotere, chimene munganene motsimikiza ndi malire okha. Richi singachepere retingi yaikulu kwambiri mu ndondomeko yanu, imene pano ndi 20, ndipo singapitirire 100.

Ilipo njira yongoyerekeza imene mudzakumana nayo m'mafunso ena, makamaka pophatikiza njira ziwiri zofalitsira uthenga. Tinene kuti pa kanema mwafikira 48 peresenti, pa wailesi 30 peresenti, gulu lomwelo, mwezi womwewo. Kungowonkhetsa kungakupatseni 78, koma mwawerenga kawiri anthu amene anaona pa kanema n'kumvanso pa wailesi. Amenewo ayenera kuchotsedwa:

```
Reach = A + B - (A x B / 100)
48 + 30 - 14.4 = 63.6
```

Njira imeneyi imaganiza kuti kuonera kanema ndi kumvera wailesi n'zosakhudzana, kuti kukumana kwa magulu awiriwa n'kwamwayi chabe. Pa njira ziwiri zosiyana, kuganiza kotereku n'kopiririka. Koma musaigwiritse ntchito pa pulogalamu imodzi youluka kawiri. Mukatero ndi retingi 20 ija mupeza 20 kuphatikiza 20 kuchotsera 4, yankho 36, ngati kuti mwa oonera a sabata yatha ndi mmodzi yekha pa asanu amene wabweranso. Pulogalamu yokondedwa ili ndi anthu ake amene saiphonya, ndiye obwerezawo amakhala ochuluka kuposa pamenepo, ndipo richi yeniyeni imatsikira kufupi ndi 20. N'chifukwa chake kugula malo ambiri mu pulogalamu imodzimodzi kumakweza GRP ndi firikwensi msanga, koma richi imangokwawa. Wofuna anthu atsopano amamwaza uthenga m'mapulogalamu ndi nthawi zosiyana.

Tsopano pali nkhani imene ndikufuna muigwire bwino kuposa zonse, chifukwa mayeso amaidumpha kawirikawiri koma ntchito siyidumpha. 2.5 uja ndi avereji. Palibe munthu amene anaona uthenga kawiri ndi theka, ndipo sizikutanthauza kuti ambiri anauona kawiri kapena katatu. Taonani mmene anthu 48 pa 100 aja angakhale atagawikira pa maulendo asanu ndi awiri amene uthenga wanu unauluka. Nambalazi ndazikonza ndekha kuti zigwirizane ndi funso lanu, ndipo mzere uliwonse ukuonetsa maulendo amene munthu waona, kuchulukitsa ndi peresenti ya anthu otero:

```
1 x 18 = 18
2 x 11 = 22
3 x  7 = 21
4 x  5 = 20
5 x  4 = 20
6 x  2 = 12
7 x  1 =  7
    48   120
```

Wonkhetsani mzere wapakati mupeza richi 48, wonkhetsani wakumapeto mupeza ma GRP 120. Zonse zikugwirizana. Komatu gulu lalikulu kwambiri, 18 peresenti kapena kuti anthu 36,000, linaona kamodzi kokha. Amene anaona kasanu kapena kupitirira ndi 7 peresenti yokha, koma adya ma GRP 39 mwa 120, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zimene munagula. Amenewa ndi anthu okhalira pa kanema, ndipo ndondomeko iliyonse imawapeza mobwerezabwereza kaya mukufuna kaya ayi.

Apa ndi pamene pamabwera funso lakuti ndi anthu angati anaona katatu kapena kuposa. Pa chitsanzo chathuchi ndi 7, 5, 4, 2 ndi 1, pamodzi 19 peresenti, anthu 38,000. Mudzaona zikulembedwa kuti 3+. Nambala 3 imeneyi imatchulidwa kwambiri kuchokera pa zimene wofufuza za kusatsa malonda Herbert Krugman analemba mu 1972, zoti kukumana ndi uthenga katatu kungakhale kokwanira. Iye ankakamba za masitepe a m'maganizo mwa munthu, kuyambira pofunsa kuti ichi n'chiyani mpaka pokumbutsidwa, ndipo anthu a ntchitoyi anasandutsa ganizolo kukhala lamulo lowerengera. Ine sindimuona 3 ngati nambala yopatulika. Katundu watsopano wa uthenga wovuta kumva angafune kubwereza kochuluka, pomwe dzina lodziwika kale lingangofuna kukumbutsa. Koma kufunsa za kagawikidweka n'koyenera nthawi zonse, chifukwa ndondomeko ziwiri za ma GRP 120 zikhoza kusiyana kotheratu. Ina ifikira 60 peresenti pa avereji ya kawiri, ina 30 peresenti pa avereji ya kanayi. Yoyenera ndi iti zimadalira ngati cholinga ndi kudziwitsa anthu ambiri kapena kukhomereza uthenga mwa ochepa.

Kumbukiraninso kuti retingi imayeza mwayi woona. Imanena kuti munthuyo anali pa pulogalamuyo, koma siitsimikiza kuti maso ake anali pa uthenga wanu. Mwina anadzuka kukayankha foni.

Msampha wina wa m'mayeso ndi wa magulu osiyana. Retingi iliyonse ndi peresenti ya gulu linalake. Ma GRP 60 a amayi a zaka 18 mpaka 34 simungawaphatikize ndi ma GRP 60 a akuluakulu onse n'kunena kuti 120, chifukwa poyambira pake n'posiyana. Funso likakupatsani zotere, sandutsani mbali iliyonse kukhala chiwerengero cha maulendo, monga tinachitira ndi 240,000, kenako muone ngati n'zotheka kuziika pa gulu limodzi. Chimodzimodzi ndi nthawi: ma GRP a sabata yoyamba ndi yachiwiri mukhoza kuwonkhetsa, koma richi ya masabata awiriwo ayi, popeza anthu ambiri ndi omwewo.

Musanapereke pepala, yang'anani firikwensi yanu. Siingachepere 1, chifukwa aliyense wowerengedwa mu richi anaona kamodzi kapena kuposa, ndipo siingapitirire maulendo amene uthenga unauluka, amene kwa inu ndi 7. Ikatuluka 0.4, mwatembenuza kagawidwe, mwagawa 48 ndi 120.

Yeserani iyi usiku uno. Gulu ndi anthu 500,000. Uthenga uuluka kasanu pa retingi 12 ndi katatu pa retingi 10, ndipo richi ndi 36. Muyenera kupeza ma GRP 90, maulendo 450,000, anthu ofikiridwa 180,000, ndi firikwensi 2.5. Mukatero sinthani richi ikhale 45 osakhudza china chilichonse, muwerengenso firikwensi. Ikatsikira pa 2, mwakhoza.