Kodi selo labwino limasanduka bwanji la khansa?

"Kodi selo labwinobwino limangosanduka la khansa mwadzidzidzi, kapena pali chimene chimaliyambitsa?"

Sizichitika mwadzidzidzi, chifukwa jini imodzi, kachigawo ka malangizo achibadwa oyendetsa ntchito za selo, ikawonongeka, thupi limakhalabe ndi njira zina zoletsera selo kuchulukana mosalekeza. Khansa imayamba pamene majini angapo awonongeka motsatizana m'maselo ochokera ku selo limodzi, ndipo zimenezi nthawi zambiri zimatenga zaka zambiri.

Chitsanzo chomveka bwino ndi khansa ya m'matumbo aakulu. Kawirikawiri jini yoyamba kuwonongeka ndi APC, imene imaletsa maselo a mkati mwa matumbo kugawikana mopitirira muyeso. Popeza munthu amalandira jiniyi kawiri, kuchokera kwa mayi ndi kwa bambo, zonse ziwiri ziyenera kuwonongeka kuti chiletsocho chithe, ndipo zikatero pamamera kachotupa kakang'ono kamene sikanafike pokhala khansa. Pambuyo pake jini ya KRAS, imene imalamula selo kugawikana pokhapokha likalandira uthenga, imatha kusintha n'kumalamula nthawi zonse, ndipo apa kusintha kwa imodzi yokha n'kokwanira kuti chotupacho chikule.

Chimene ndimachiona chachikulu ndi kuwonongeka kwa TP53, jini imene imaimitsa selo lowonongeka kuti likonzedwe, kapena kulichititsa kudzipha ngati silingakonzeke. Imeneyi ikasiya kugwira ntchito, maselo olakwika amapulumuka, zolakwika zimachuluka mofulumira, mpaka ena amaboola khoma la matumbo n'kufalikira ku chiwindi.

N'chifukwa chake madokotala akapeza kachotupa koyambako poyeza matumbo, amakachotsa kasanafike pamenepo.