Zilembo zikutuluka ziwiriziwiri pa laputopu

"Abale, laputopu yanga ya Windows 10 yanditopetsa. Ndikalemba Ulongwe pakutuluka Ulonngwee, koma ndikagwira batani lofufutira likuyenda ngati birimankhwe. Ndigule kiyibodi ina?"

Achemwali, ndalamayo isungeni kaye. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, m'kabokosi katulukeko lembani izi n'kudina Enter:

```
control keyboard
```

Lamuloli limagwira ngakhale Windows yanu ili ya Chipwitikizi, mayina okha ndiwo asiyana. Muona timizere tokoka. Kapamwamba ndi Repeat delay, kotsatira ndi Repeat rate.

Kapamwambako ndiko kakukuwirikizirani zilembo. Kamauza kompyuta nthawi yoti idikire, chala chili pa batani, isanayambe kubwereza chilembo. Malo ake ndi anayi okha: kumapeto kwa Short imadikira gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, kumapeto kwa Long sekondi yathunthu. Ngati mumalemba ndi zala ziwiri, maso akusaka chilembo chotsatira chala chikadali pansi, Short ndi waufupi kwambiri. Kakakhala kumapeto kwa Short, kakokereni ku Long sitepe imodzi yokha, pa theka la sekondi. Musafike kumapeto, chifukwa mudzatopa kudikira nthawi zonse mukafuna kufufuta.

Kachiwiriko ndi liwiro la kubwereza kukangoyamba. Ku Slow ndi zilembo pafupifupi 2 pa sekondi, ku Fast pafupifupi 30. Ndiye mzere wa zilembo 60 ku Slow mufufuta theka la mphindi, ku Fast masekondi awiri basi. Ine ndimakankhira ku Fast mpaka kumapeto. Anthu ambiri amatsitsa kameneka poganiza kuti zowirikiza zitha, mwina ndi zomwe wina anachita pa laputopu yanu, koma sikakhudza nthawi yodikira ija. Yesani m'kabokosi kali m'munsimo, kenaka OK.

Zikakanika kusintha, onani Filter Keys pa Settings, Ease of Access, Keyboard. Imafuna kuyaka munthu akagwira Shift wakumanja masekondi 8, ndipo ikayaka mabatani amachita ulesi. Izimitseni.

Koma pali malire. Tsegulani Notepad, mumenye n kakhumi mwachangu, ngati mukukhudza mbaula yamoto, kenaka e, kenaka k. Pakatuluka khumikhumi, vuto linali nthawi ija ndipo latha. Koma e yekha akapereka 13 anzake ali bwino, batanilo likudumpha lokha mkati, mofulumira kuposa nthawi iliyonse yomwe mungasankhe pamenepo. Yanga inatero ndi batani la a chaka chatha, nditakhala nayo mwezi ku Moatize nthawi ya fumbi. Ndinaizimitsa, kuitembenuza, kuigogoda pang'ono n'kupukuta m'mbali mwa batanilo ndi mswachi wouma, ndipo panagwa tinyenyeswa ta buledi ndi mchenga. Zikapitirirabe, bwerekani kiyibodi ya USB muyese. Iyo ikalemba bwino, pamenepo ndiye muyambe kufunsa mtengo wa kiyibodi ya laputopuyo.