Kalata yati pepani, koma ndalama yakana

"Achimwene, galimoto yanga inagundidwa pa raundabauti ya Chichiri pa 3 Malichi. Ndinagona m'chipatala mpaka pa 17, kenako ndinakakonzetsa galimotoyo ku Ndirande. A inshuwaransi ndinawauza pa 20 Meyi. Andilembera kalata yodzaza ndi chisoni koma akana kulipira, akuti ndinachedwa. Si chinyengo chimenechi?"

Bambo, kalata yomwe mwanditumizirayo ndaiwerenga kawiri, ndipo chinyengo sindinachipezemo. Amene anailemba amaidziwa ntchito yake. Ndime yoyamba akukupepesani chifukwa cha kuvulala, ndipo sindikukayika kuti akunena zochokera pansi pa mtima, koma mlandu wanu uli m'ndime yachiwiri.

Tiwerenge masiku monga anawerengera iwo. Mgwirizano womwe munasainira ukuti ngozi muinene pasanathe masiku 30, ndiye tsiku lomaliza linali 2 Epulo. Inu munanena patapita masiku 78. Za chipatala sakuzikana, azilembamo, koma mutatuluka munali mudakali ndi masiku 16 oti muimbe foni kapena kutuma mwana ku ofesi yawo. Apa ndi pomwe chifukwa chanu chikuthera mphamvu.

Komabe chomwe chakupwetekani kwambiri si masikuwo ayi, ndi galaja. Kampani imafuna kumva msanga kuti itume munthu wake adzaone galimoto isanakhudzidwe ndi sipanala: ayeze pomwe yaphwanyika, asiyanitse bala latsopano ndi dzimbiri lakale, agwirizane ndi makaniko za mtengo. Imafunanso kulondola yemwe anakugundaniyo mboni zisanabalalike, kuti ibweze ndalama zake kwa iyeyo kapena kwa inshuwaransi yake. Mmene inu mumafika, chitseko chinali chitawongoledwa ndi kupentedwa kale. Akanayeza chiyani? Kalata yabwino yokana imatchula chomwe kampani yataya chifukwa cha kuchedwako, ndipo yanuyi yatchula. Ikanangoti "malamulo athu salola" osatchula ndime, ndikanakuuzani kuti mulimbane nayo.

Chilipo chimodzi chomwe chingatembenuze nkhani. Kodi m'mwezi wa Malichi simunauzeko ejenti amene anakugulitsani inshuwaransiyo? Ambiri kuno timangomutumizira uthenga pa WhatsApp n'kuiwala. Ngati uthengawo ulipo ndipo tsiku likuoneka, ujambuleni, chifukwa ndiye kuti tsiku lomwe iwo akuwerengera likhoza kutsutsidwa.

Ngati palibe, lembani kalata yopempha kuti aunikenso, osati yokalipa. Phatikizanipo lipoti la apolisi a pamsewu, kalata yotulukira m'chipatala, zithunzi za galimoto isanakonzedwe, malisiti a kugalaja, ndipo zitsulo zomwe anachotsa mukazitenge makaniko asanazigulitse. Nthawi zina kampani imapereka kangachepe mwa chifundo chabe, popanda kuvomera kuti inalakwa. Akakananso, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshuwaransi, koma kumenekonso adzayamba ndi kukufunsani zomwe munkachita pakati pa 17 Malichi ndi 2 Epulo.