Anaonera kanema koma sanagule: muwauze chiyani kachiwiri?

"Amayi, ndayamba kuoda zitenje ku Tanzania. Ndinalipira Facebook kuti kanema wanga afike kwa anthu, ambiri anaonera, koma ogula ndi ochepa. Ndikafuna kuwabwerera anthu omwewo, ndiwauze chiyani?"

Achemwali, musawaonetsenso kanema yemwe uja. Zitenje anaziona kale ndipo akudziwa kuti n'zokongola. Chinawaletsa kugula ndi china, ndipo kanema wachiwiri ntchito yake ndi kuchotsa chimenecho.

Yambani ndi kuwapatula. Mu Ads Manager, tsamba la Facebook loyendetsera malonda olipira, pitani pa Audiences, musankhe Custom Audience, lomwe ndi gulu la anthu amene mukufuna kuwabwerera, kenako Video. Facebook ikufunsani kuti mukufuna amene anaonera mpaka pati. A masekondi 3 asiyeni, ambiri mwa iwo ankangodutsa ndi chala. Ine ndimatenga amene anafika 50%, chifukwa munthu amene wawononga bandulo yake mpaka theka la kanema ali ndi mtima wogula. Ikufunsaninso kuti itenge amene anaonera m'masiku angati apitawa: mukhoza kuika mpaka 365, koma katundu wathu sakhalitsa. Ikani 30, kuopa kuitana anthu pa chitenje choti chinatha kale.

Kuno ku Mzuzu chimene chimaletsa anthu kwambiri ndi mantha oberedwa. Alipo ambiri amene anatumizapo ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu osafika, nambala n'kuzima. Choncho kanema wachiwiri muonekemo inuyo, nkhope yanu, mutaima pamene mumagulitsira. Asapitirire masekondi 20, ndipo mawu ake akhale ngati awa:

"Mwina munaziona zitenje izi n'kukayika ngati ndilipodi. Ndine pano, mu msika wa Taifa, katundu ndi uyu. Musatumize ndalama musanagwire nsalu. Bwerani mudzaione, kapena ndikubweretsereni ku Luwinga, ku Katoto kaya ku Chibavi, mudzalipire ili m'manja mwanu."

Polankhula mawu oyambawo muzikhala mukutambasula chitenje, chifukwa ambiri amaonera foni ili chete, ndipo mawu omwewo alembedwenso pa kanemayo. Musanene kuti "ndakuonani munaonera kanema wanga". Munthu amadzidzimuka, amaona ngati mukumulonda. Liwu loti "mwina" limamupatsa mpata.

Kwa ogula a ku Rumphi, ku Nkhata Bay kapena ku Mzimba sizingatheke kuti agwire kaye nsalu. Amenewo ndimawajambulira katundu akukwezedwa pa depoti, ndikunena kuti ndikatumiza ndimapereka nambala ya galimoto ndi ya kondakitala.

Chachiwiri ndi mtengo, ndipo apa ndimatsutsana ndi anzanga ambiri. Iwo amakonda kubisa mtengo kuti munthu afunse yekha. Koma amene anaonera kale osafunsa, kawirikawiri amaopa kufunsa kenako n'kulephera, manyazi. Muuzeni poyera. Tinene kuti pisi ya mayadi 6 mukugulitsa K45,000:

"Pisi yonse ndi K45,000, imatuluka zitenje zitatu. Ngati yonse yakukulirani, ndimadula: chitenje chimodzi K16,000. Taonani ndikuchiviika m'madzi a sopo, sichikusuluka."

Ndipo muchiviikedi, beseni lionekere, madzi aoneke. Funso la kusuluka lili mumtima mwa mayi aliyense wogula chitenje, ngakhale asalitchule. Koma musathamangire kutsitsa mtengo mu kanema wachiwiri. Mwalipira ulendo wa ku Kariakoo kapena ku Kyela, mwasintha kwacha kukhala shilingi, mwalipira msonkho pa boda ya Songwe. Mukachotseranso, phindu latha, komanso anthu amaphunzira kuti akadikira mumatsitsa.

Alipo ena amene vuto lawo ndi tsiku chabe. Anaonera pakati pa mwezi, m'thumba mulibe kanthu. Kanema wa amenewa mumuyatse kumapeto kwa mwezi, malipiro akamalowa, n'kunena zoona zokhazokha: mtundu uwu atsala mapisi angati, ndipo mukupitanso liti kukaoda. Mukanama kuti atsala awiri pamene muli ndi belo lonse, Mzuzu ndi waung'ono, zidzadziwika.

Amene anagula kale achotseni pa gululo. Pangani Custom Audience ina ya amene anatumiza uthenga pa tsamba lanu, muiike pa Exclude, pamene mumaika anthu oti asaone kanemayo, koma dziwani kuti amene anangofunsa osagula nawonso achoka. Ogula kudzera pa WhatsApp ena sagwidwa ndi njira imeneyi, ndiye musadabwe akakuuzani kuti akukuonanibe.

Muziyang'ananso pa Frequency, pamene pamaonetsa kuti munthu mmodzi waona kanemayo kangati. Gulu la obwereredwa limakhala laling'ono, choncho nambalayi imakwera msanga. Ine ikadutsa 4 mauthenga osabwera, ndimazimitsa n'kuika kanema woyankha nkhawa ina. Ikakhala kuti ndalama zimene mwaika pa Facebook sizikudyedwa n'komwe, mwina gulu lachepa kwambiri: tsikirani pa 25%, kapena onjezani masiku afike 60.