Kodi nditchule m'kalata yofunsira ntchito kuti ndilibe dipuloma yomwe akufuna?

"Ndaona chilengezo cha ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Akufuna munthu wa dipuloma ya zogula ndi kusunga katundu, yemwe wagwirapo ntchitoyi zaka 3, wodziwa Excel, wotha kulemba malipoti a mwezi ndi mwezi komanso kuyang'anira antchito. Zina zonsezo ndili nazo ndipo ndagwira ntchitoyi zaka 6, koma pepala lomwe ndili nalo ndi satifiketi basi. Kodi m'kalatamo nditchule za dipulomayo kapena ndingokhala chete?"

Mayi, malangizo anga ndi akuti muitchule, koma kamodzi kokha, pakati pa kalata, m'ziganizo zosapitirira ziwiri, ndipo pomwepo mutsatize umboni woti zimene dipulomayo imaimira mumazichita kale. Musanayambe kulemba, bwererani kaye ku chilengezocho n'kuona mawu amene aika pafupi ndi dipulomayo, chifukwa mawu amenewo ndi omwe akuuzeni ngati kalata ingathandize n'komwe.

Zilengezo zambiri zimasiyanitsa zoyenereza zomwe munthu ayenera kukhala nazo zivute zitani ndi zina zongowonjezera mwayi. Zinanso zimati akufuna dipuloma kapena luso lofanana nayo lopezeka pogwira ntchito. Ngati chanucho chili ndi mawu otsirizawa, ndiye kuti simukusowa kanthu, ndipo ntchito ya kalata yanu ndi kungoonetsa kuti zaka 6 zija zikufanana bwanji ndi pepalalo. Ngati dipulomayo ili m'gulu la zongowonjezera mwayi, chiganizo chimodzi n'chokwana. Povuta ndi pamene yalembedwa ngati chinthu choyenera kukhalapo basi. Apo mwayi umachepa, makamaka m'mabungwe akuluakulu ndi m'maofesi a boma momwe giredi ya ntchito ndi malipiro zimamangidwa pa pepala la maphunziro, moti ngakhale wosankhayo atakukondani bwanji sangathe kulumpha lamulo la bungwe lake. Ndikanakhala inu ndikanaimba foni kapena kulemba uthenga waufupi ku ofesi yolemba antchito n'kufunsa ngati amalandira munthu wa satifiketi amene wagwira ntchitoyi nthawi yaitali. Funso limeneli silichotsa ulemu, ndipo yankho lake likhoza kukupulumutsani ku ntchito yolemba kalata yomwe palibe adzaiwerenge. Palinso mapepala ena amene amafunidwa ndi lamulo la dziko, monga laisensi ya dalaivala kapena chiphaso cha namwino chomulola kugwira ntchito, omwe palibe kalata ingalowe m'malo mwake. Dipuloma ya zogula katundu, pa ntchito yosunga katundu ngati imeneyi, kawirikawiri imakhala chofuna cha olemba ntchito eni ake, n'chifukwa chake pamakhala mpata wokambirana.

Chifukwa chimene ndikukanira zokhala chete n'chakuti kusowa kwa dipulomayo kuonekera ndithu mu sivi yanu. Osankha anthu oti aitanidwe ku intavyu nthawi zambiri amakhala ndi pepala lokhala ndi mizere, mzere uliwonse choyenereza chimodzi cha m'chilengezo, ndipo amachonga akachipeza. Akafika pa mzere wa dipuloma n'kupeza kuti sivi ikungotchula satifiketi pomwe kalata sikunenapo kanthu, amasiya malowo opanda kanthu n'kumaganiza kuti mwina simunawerenge bwino chilengezo kapena mumayembekeza kuti saona. Maganizo onse awiriwa ndi oipa kwa munthu wofuna kupatsidwa makiyi a katundu wa eni, chifukwa ntchito imeneyi imafuna munthu amene akapeza kuti makatoni achepa amanena yekha asanafunsidwe. Mukatchula nokha, mumapatsa wosankhayo mawu oti alembe pambali pa mzerewo komanso oti akakuikireni kumbuyo pamaso pa anzake akamakambirana.

Malo oikapo nkhaniyi ndi ofunika kwambiri. Mukaiika m'ndime yoyamba, wowerenga amakudziwani ngati munthu wopanda dipuloma asanamve china chilichonse, ndipo mwina sapitiriza. Mukaiika kumapeto, ndi imene imatsala m'mutu mwake akamatseka kalata. Choncho ndime yoyamba itchule ntchito yomwe mukufunsira ndi chinthu champhamvu kwambiri chimene muli nacho, yachiwiri iyankhe zoyenereza zinayi zija ndi umboni, yachitatu ndiyo ikhale ya dipuloma, ndipo yomaliza ikhale yaifupi yopempha kukumana nawo. Zonsezi zikwane tsamba limodzi.

Ndime yachiwiri ndi imene imanyamula kalata yonse, ndipo ndi imene anthu ambiri amailemba mwaulesi. Mawu akuti ndine wolimbikira, wokhulupirika ndi wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga sapatsa wosankha chilichonse choti achonge, popeza aliyense wofunsira ntchito amalemba zomwezo. Tengani choyenereza chilichonse m'mawu amene chilengezo chagwiritsa ntchito, muchiphatikize ndi chinthu chimodzi chimene munachita chomwe chingawerengedwe kapena kutsimikizidwa ndi bwana wanu. Nachi chitsanzo, koma manambalawa ndangowaika kuti muone kalembedwe kake, inu muike anu enieni:

"Kwa zaka 6 ndakhala ndikuyang'anira nyumba yosungiramo mitundu ya katundu yoposa 400, ndipo ndimatsogolera antchito 5. Kaundula wa katundu wolowa ndi wotuluka ndimasunga mu Excel, ndipo lipoti la mwezi uliwonse ndimalipereka kwa mkulu wa zachuma pasanathe masiku 3 mwezi utatha. Nditaona kuti zolembedwa m'kaundula zinkasiyana ndi katundu wopezeka m'mashelefu, ndinayambitsa zowerenga katundu wotuluka kawirikawiri mlungu uliwonse m'malo modikira kumapeto kwa mwezi, ndipo pa kuwerenga kwa chaka chatha ofufuza mabuku sanapeze kusiyana kulikonse kofuna kufotokozedwa."

Onani kuti m'ziganizo zitatu zokha zoyenereza zinayi zija zayankhidwa, ndipo chiganizo chachitatucho chikusonyeza munthu amene amaona vuto, kupeza gwero lake ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito. Zimenezo ndi zomwe olemba ntchito amayembekeza kwa munthu wa dipuloma, moti wowerenga akamafika pa ndime yotsatira amakhala atayamba kale kukuonani ngati woyenera.

Ndime yachitatuyo ikhoza kumveka motere:

"Chilengezo chanu chikufuna dipuloma ya zogula ndi kusunga katundu. Ine ndili ndi satifiketi ya maphunziro omwewo, dipulomayo ndilibe. Ntchito zimene imaphunzitsa, monga kuitanitsa mitengo kwa ogulitsa osiyanasiyana ndi kuiyerekeza, kulandira katundu motsatira chikalata chooda, ndi kuwerengera mlingo umene katundu akafikapo ayenera kuodedwanso, ndakhala ndikuzigwira kwa zaka 4 zapitazi, ndipo amene amandiyang'anira ndi wokonzeka kuchitira umboni."

Kuti mulembe bwino ndime imeneyi, pezani mndandanda wa maphunziro a dipulomayo kuchokera ku sukulu iliyonse imene imaiphunzitsa, muchonge mitu yomwe mumaigwiradi pa ntchito, ndipo musankhe itatu yogwirizana ndi chilengezo. Musatchule mutu umene munangoumva, chifukwa pa intavyu adzakufunsani pomwepo. Mukalemba za mlingo woodera katundu, khalani okonzeka kufotokoza kuti ngati patsiku mumatulutsa makatoni 20, wogulitsa amatenga masiku 10 kuti abweretse, ndipo mumasunga makatoni 50 apadera odikirira zadzidzidzi, ndiye kuti mumaoda katundu akatsika kufika pa makatoni 250. Munthu amene angafotokoze zimenezi mosadodoma amachititsa kuti nkhani ya pepala ichepe mphamvu.

M'ndime imeneyi mulibe mawu opepesa, ndipo ndachita dala. Mawu monga akuti mwatsoka, pepani, kapena ndikudziwa kuti sindine woyenera koma mundiganizire, amasandutsa kalata kukhala pempho la chifundo, pomwe wolemba ntchito akufuna munthu womuthetsera vuto. Mulibenso chifukwa chimene simunapitirizire sukulu. Ndikudziwa kuti kwa ambiri chifukwacho chimakhala chowawa, mwina kusowa kwa fizi kapena matenda pakhomo, ndipo mtima umafuna kuti chimveke, koma chikalowa m'kalata chimatenga mizere isanu imene ikanaonetsa luso lanu. Pewaninso kunyoza pepalalo ponena kuti luso limaposa sukulu, chifukwa amene akuwerenga kalata yanu n'kutheka kuti ndi amene analemba chilengezocho, ndipo dipulomayo ali nayo.

Ngati munayamba kale kuphunzira dipulomayo, onjezani chiganizo chimodzi chotchula sukulu, gawo lomwe mwafika ndi mwezi umene mudzamalize, ndipo muphatikize kalata ya kusukuluko. Ngati simunalembetse, musalembe kuti mukuganiza zoyamba posachedwa, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo osankha sawerengera lonjezo lopanda tsiku. Choopsa kuposa zonse ndi mawu ozungulira monga akuti ndinachita maphunziro a dipuloma, pamene munangophunzira miyezi yochepa osamaliza. Olemba ntchito ambiri amafuna kuona mapepala enieni asanakupatseni kalata ya ntchito, ndipo bodza la maphunziro likadziwika ngakhale patapita zaka, likhoza kukuchotsetsani ntchito. Chimodzimodzinso ngati mukufunsira pa intaneti ndipo fomu ikufunsa ngati muli ndi dipuloma, yankhani zoona, ngakhale mukudziwa kuti makina ena amachotsa okha anthu oyankha kuti ayi. Zikatero njira yotsala ndi ija yolankhula ndi ofesi yolemba antchito kuti munthu aone kalata yanu.

Njira imeneyi imagwira ntchito pamene chosowa ndi chimodzi, monga zilili kwa inu. Munthu amene akusowa dipuloma, zaka zogwira ntchito komanso luso la kompyuta sangapulumutsidwe ndi kalembedwe, ndipo ndi bwino afunsire ntchito ya giredi yotsikirapo.

Mukamaliza kulemba, werengani mizere. Ngati yonena za chimene mulibe yaposa iwiri, dulani. Kenako patsani kalatayo munthu amene sadziwa nkhani yanu kuti aiwerenge kamodzi, muitenge, ndipo mumufunse chimene wakumbukira. Akayamba ndi antchito 5 ndi kaundula wopanda kusiyana, kalatayo ili bwino, koma akayamba ndi zoti mulibe dipuloma, ndime yachiwiri ndi yofooka ndipo ikufunika umboni wina. Onetsetsaninso kuti zaka ndi manambala a m'kalata akufanana ndendende ndi a mu sivi, ndipo musanatumize, muuzeni bwana amene mwamutchula ngati mboni ntchito zitatu zimene mwalemba m'ndime yachitatu, kuti akaimbiridwa foni adzanene zomwezo.