Mawu akusasa Lamlungu lililonse, nditani?

"Ndine mayi wa ku Santhe, kuno ku Kasungu, ndipo ndimayambitsa nyimbo m'kwaya ya kumpingo kwathu. Loweruka timakhala pa pulakatisi maola atatu, Lamlungu mapemphero amatha cha m'ma 1 koloko. Pofika madzulo mawu amakhala atasasa ndipo pakhosi pamawawa mpaka Lachiwiri. Ndimamwa jinja wa ndimu koma sizikusintha. Nditani?"

Amayi, ine ndikukayikira Loweruka kuposa Lamlungu. M'kholingo mwanu muli timinofu tiwiri tosaposa chikhadabo kutalika, ndipo mukamayimba timagundana mothamanga kwambiri. Pa noti ya A ya pakati pa kiyibodi, yomwe a sopulano amaidutsa pafupifupi nyimbo iliyonse, timagundana ka 440 pa sekondi imodzi. Tikagundana mwamphamvu maola atatu timatupa, ndipo usiku umodzi nthawi zambiri sukwanira kuti tiphwe. Ndiye Lamlungu mumayamba ndi mawu otupa kale, noti yapamwamba n'kukana, inu n'kukankha ndi khosi, kutupa n'kuwonjezeka.

Jinja uja safika pa timinofuti. Chilichonse chimene mwameza chimapita njira ya kumimba, chifukwa kholingo limatsekeka pomeza. Madzi amathandiza akalowa m'thupi, ndipo zimatenga maola, choncho yambani kumwa Loweruka masana, osadikira kuti mufike pakhomo la tchalitchi.

Kutenthetsa mawu kumangofuna mphindi 10, ndipo mukhoza kuyamba muli m'njira. Mphindi zitatu zoyamba tsekani pakamwa, mano asagundane, muziti "mmm" chapansipansi pamene mumayankhulira masiku onse. Muzimva kunjenjemera pamilomo ndi pamphuno. Mukakumva pakhosi ndiye kuti mwakweza mawu, tsitsani. Kenako mphindi zina zitatu njenjemeretsani milomo, "brrr", monga amachitira mwana woyerekeza njinga yamoto, mukukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Milomo ikamangoima, kwezani masaya pang'ono ndi zala ziwiri.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi ichi. Tengani bolopeni yakutha, chotsani zam'kati ndi kotsekera kumapeto, muitsuke bwino, itsale ngati kapaipi. Viikani nsonga yake masentimita awiri m'botolo la madzi, inu muziyimba "uuu" kudzera m'kapaipiko, madzi azibwata mofanana osadukiza. Mpweya umene ukubwerera m'kamwa umachepetsa mphamvu imene timinofu tija timagundanira. Yimbani choncho vesi imodzi ya nyimbo yoyamba ya tsikulo, kenako muiyimbe ndi mawu ake koma motsitsa. Mukapeza mpata pa pulakatisi bwerezani kwa mphindi imodzi, ndiponso mukaweruka.

Tsono za pulakatisi. Ndaona kambirimbiri akwaya akubwereza kolasi imodzi kakhumi ndi mphamvu zonse, pamene amene akusokoneza ndi a tenala okha. Woyambitsa nyimbo ndiye amavutika, poti amayimba ndi gulu lililonse. Pemphani aphunzitsi a kwaya kuti pamene akukonza a tenala kapena a besi, inu mukhale chete. Pophunzira mawu a nyimbo yimbani ndi theka la mphamvu, mphamvu zonse zikhale za ulendo umodzi kapena iwiri yomaliza. Pakatha mphindi 45 onse apume mphindi 10, kupuma kwenikweni, osati kukacheza mofuula panja.

Yang'aniraninso poyambira nyimbo. Musanayambitse, pezani mumtima noti yapamwamba kwambiri ya nyimboyo, kawirikawiri imakhala m'kolasi. Ngati simungaifike osakweza chibwano kapena kuonetsa mitsempha ya m'khosi, yambani motsikirapo, ndipo woyimba kiyibodi atsitse kiyi. Mpingo wonse udzapeza mpumulo. Ngati masipika akukuphimbani mpaka simukudzimva, musalimbane nawo: sendezani maikolofoni pafupi ndi pakamwa, ndipo pemphani kuti atsitse zida.

Lamlungu m'mawa dziyeseni. Yimbani "iii" pa noti yapamwamba, motsitsa kwambiri ngati mukugoneka khanda. Ikatuluka yoyera, muli bwino. Ikachedwa kutuluka, kapena kukayamba kutuluka mpweya wokha, timinofu tatupa, ndipo tsikulo gawanani nyimbo ndi mnzanu. Nthawi ya ulaliki pumitsani mawu. Musamanong'one, chifukwa kunong'ona mokakamiza kumaumitsa khosi, ndipo m'malo mokhosomola kuti muchotse makhololo, mezani madzi pang'ono. Miyezi ya fumbi, kapena masiku amene mwakhala m'chigafa mukusankha fodya, khosi limauma msanga, ndiye botolo lisachoke pambali panu. Mukafika kunyumba weramirani beseni la madzi ofunda otuluka nthunzi kwa mphindi zisanu, chifukwa nthunzi yokha ndiyo imafika pa timinofu tija.

Koma mawu akakhala osasa masabata atatu ngakhale mwapuma, kapena mukamva kuwawa pomeza, kapena mukaona magazi m'makhololo, pitani kuchipatala cha boma ku Kasungu. Pakafunika kuona m'kholingo angakutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati pali chifuwa choposa masabata awiri, akuyezeninso TB.