Open rate yalumpha, malonda ali pomwepo

"Makalata anga amalonda pa imelo, open rate yachoka pa 22% kufika 45%, koma ogula sakuwonjezeka. Ndikhulupirire nambala iti?"

Achimwene, open rate ndi gawo la makalata amene akuoneka kuti atsegulidwa, koma 45% imeneyo musaidalire. Kuyambira 2021, pulogalamu ya Mail ya Apple imakoka yokha kachithunzi kobisika kowerengera otsegula, ngakhale mwini sanayang'ane kalatayo. Nambalayo yangofufuma basi.

Yang'anani amene adina ulalo, muwagawe ndi makalata amene afika, osati otsegulidwa. Mwachitsanzo, makalata 1,000 afika, anthu 20 adina: ndi 2%. Mukagawa ndi otsegula 450 mupeza 4.4%, pamene kale pa 220 inali 9%, ndiye muziti kalata yaipa pomwe owerenga ndi omwewo.

Odzichotsa pamndandanda wa olandira makalata anu sanama. Akachuluka pa kalata imodzi, unikani zomwe munalembamo, kapena mwina mukutumiza pafupipafupi.